Loko pa nyumba yopanda denga: nkhani ya Nangozo ndi zimene tinakambirana

Nangozo: Mwaswera bwanji nonse. Chithunzi ndaponyachi ndinajambula mwezi watha, minibasi itatiphulikira tayala titangodutsa pa Lizulu polowera ku Dedza. Anzanga ankakangana ndi kondakitala, ine ndinangotsetsereka pang'ono kufuna pobisala, ndiye ndinakumana ndi nyumbayi. Ili payokha kumapeto kwa mudzi, kuseri kwake kuli dambo. Ndi ya njerwa zootcha, denga mulibe, zenera limodzi analitseka ndi njerwa, koma chitseko chilipo ndipo pali loko. Lokoyo ndi amene anandisowetsa tulo. Munthu amakhoma bwanji nyumba yoti mvula ikulowera pamwamba? Eni ake sindikuwadziwa ndipo sindinafunse aliyense, zimene ndalembazi ndi zopeka. Mundiuze mosandinyengerera.

Nangozo: LOKO

Agogo aamuna anabwera kuchokera ku Wenela, ku migodi ya ku Joni, ndi sutikesi yachitsulo, wailesi ndi chifuwa chosatha. Ndalama zimene analandira atafika kuno anagulira malata 40. Poti anali mkamwini, malo anawapatsa kumapeto kwenikweni kwa mudzi, pamene pamayambira kanjira ka ku dambo. "Anandiika kuno kuti afisi akabwera ayambire ine," ankatero akamaseka.

Inali nyumba yoyamba ya malata m'mudzi mwathu. Amayi amanena kuti mvula ikayamba, ana a mudzi wonse ankathamangira kumeneko kukamvera phokoso, kenako n'kumakuwa kuti aone ngati angamvane.

Agogo aakazi anamwalira mu 1999, ine ndili ndi zaka 7. Titameta, a Malume anayalitsa mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kuitana agogo. "Mlongo wathu munamusunga bwino," anatero. "Ife tilibe nanu mawu. Ndinu omasuka." Agogo anawomba m'manja katatu. M'mawa mwake anasesa m'nyumba monse, anasesa pakhonde, anatulutsa sutikesi yawo, n'kukhoma chitseko. Kiyi anamumangirira pa chingwe n'kuvala m'khosi. Ndinawaperekeza mpaka pa msewu nditasenza wailesi. Basi itabwera anandilanda wailesiyo osandiyang'ana.

Nyumbayo inakhala chitsekere zaka zitatu. Palibe anapita kukagonamo.

Mu February 2002 m'mudzi munalibe utsi. Tinkadya gaga, gagayo atatha tinayamba mizu ya nthochi. Tsiku lina a Malume anabwera ndi makwerero ndi hamala, n'kundipatsa chitini choti ndizitoleramo misomali. Amayi anafunsa ngati athyole loko kuti akwere chamkati. A Malume anakana. "Loko sitithyola, ndi wa eni ake. Ife tikungobwereka zapamwambazi."

Malata awiri oyamba anapita pa njinga m'mawa, madzulo kunabwera chimanga chosadzaza ndowa. Nsima yake ndinadya nawo. Sabata yotsatira anapita ena awiri. Pomwe chimanga chinkayamba kukhwima m'munda, nyumba ya agogo inali itayang'ana kumwamba, ndipo chitini changa chinali chitadzaza.

Chaka chatha kunabwera mnyamata pa njinga kudzanena kuti agogo anatisiya, anaikidwa kale. Anatulutsa kampango komanga mfundo. Anati malemu anasiya mawu oti akapatse mwana amene anawanyamulira wailesi. Mkati munali kiyi, chingwe chake chitada ndi thukuta.

Ndinapita kukatsekula. Nditalowa ndinaona kumwamba kuli mbee, ndipo ndinamva chisoni chachikulu mumtima mwanga pokumbukira nkhanza zimene tinawachitira agogo. Ndinalira kwambiri. Zoonadi, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kamtedza: Eee asisi, ine ndimadikira kuti potsekulapo mupeza agogowo atakhala pampando akumvera wailesi. Nyumba yakumapeto kwa mudzi, kufupi ndi dambo, loko wadzimbiri, zonse zilipo kale. Mwataya mwayi wa nkhani yoopsa.

Nachisale: Kamtedza, chithunzi chilichonse cha bwinja chikaponyedwa muno iwe umaonamo mzukwa. Mwezi uja unaona mfiti pa chithunzi cha chigayo. Nangozo, ine nkhaniyi yandigwira pa mawu a a Malume aja, "tikungobwereka zapamwambazi". Munthu akusasula nyumba ya mnzake koma akulemekeza loko. Pamenepo sindingathe kumuda, sindingathenso kumukhululukira. Koma ndime yomaliza ija mwaiwononga nokha, ndibweranso.

Bambo a Chisomo: Ine za kalembedwe sindidziwa, ndine womanga nyumba, muno ndinalowa chifukwa cha akazi anga. Koma malata 40 pa nyumba ili pachithunzipa ayi. Ndakuza chithunzicho n'kuwerenga njerwa za mzere umodzi kutsogoloku, ndapeza pafupifupi 30. Njerwa imodzi pamodzi ndi dothi lomangira tiyerekeze masentimita 24, ndiye kuti khomalo ndi mamita 7 ndi kakusefukira. Lata limodzi mukalisanjikiza ndi linzake limaphimba masentimita 70 kapena kuposera pang'ono. Ndiye mbali imodzi malata 10, muwonjezere limodzi chifukwa denga limatulukira kunja kwa khoma, 11. Mbali ziwiri 22. Malata 40 ndi nyumba ya sitolo imeneyo, osati ya munthu wobwera ku mgodi.

Nangozo: Bambo a Chisomo, mwachita kuwerenga njerwa! Ine 40 ndinangotola poti imamveka yambiri.

Bambo a Chisomo: Ikani 22 mayi, ikuthandizani. Mwati ankachotsa awiriawiri pa sabata. Malata 22 ndi masabata 11, kuyambira February kukafika mu April, nthawi imene chimanga chakhwima m'munda. Masamu ake akugwirizana okha ndi nkhani yanu. Ndi 40 mukanafika mu June anthu atakolola kale, ndiye akugulitsiranji?

Nachisale: Apa ndiye womanga nyumba watiposa tonse. Ndipo mwana wotolera misomali uja akhoza kumawerenga malata otsala sabata iliyonse. Wowerenga aziona denga likutha ngati mmene imathera nkhokwe.

Nyagondwe: Pepani, ine pali chimene sindikumvetsa. Bamboyu anamanga nyumba ndi ndalama zake, mkazi wamwalira, ndiye akuchoka bwanji pakhomo pake? Ana ndi adzukulu akuwasiyira ndani? Kwathu ku Rumphi munthu ukalowola, mkazi ndiye amabwera kwanu, ana ndi ako. Ine ndimaona ngati mwalakwitsa, mumafuna kulemba kuti amene wachoka ndi agogo aakazi.

Mayi Naphiri: Sanalakwitse mwanawe. Kuno kwa Achewa, ndi madera ambiri a kuno pakati ndi kummwera, mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi. Chimenecho ndi chikamwini. Malo ndi a mbumba ya mkaziyo, ana amawerengedwa a kuchikazi, ndipo wowayang'anira ndi mlongo wake wamwamuna wa mkaziyo, mwinimbumba. Mwamuna akafuna kutenga mkazi kupita naye kwawo amachita kupempha, ndiye chitengwa chimenecho, ndipo akuchikazi akhoza kukana. Tsono mkazi akamwalira, maliro akatha, akameta, akuchikazi amamusudzula mwamunayo kuti akhoza kubwerera kwawo, akhozanso kukakwatira kwina. Si kupirikitsa ayi, ngakhale ena amakuchita mopirikitsa. Ndaonapo akamwini okalamba amene anauzidwa kuti khalani pompano, ana anu akusungani, ndipo anafera pomwepo. Ndiye Nangozo, pamene pakundivuta ine ndi apa: a Malume anangoti "ndinu omasuka". Sanati chokani. Mwamuna wa zaka zoposa 50, wokhala pamudzi zaka zonsezo, ali ndi mwana wamkazi ndi mdzukulu pomwepo, n'chiyani chinamunyamula m'mawa mwake?

Nangozo: Amayi, ine m'mutu mwanga ndimati ananyada. Anadikira kuti wina anene kuti khalani, palibe ananena.

Mayi Naphiri: Ndiye zimenezo zili m'mutu mwanu, papepala palibe. Sindikuti mufotokoze. Ikani kamphindi kamodzi pamphasa paja. A Malume atalankhula, agogo ayang'ane mwana wawo wamkazi, mayi ake a wofotokozayu, iye n'kuwerama kumatokosa pansi ndi kamtengo. Basi. Aliyense wokulira kumudzi amva kuti chachitika n'chiyani. Ndipo mayiyo akamadzafunsa za kuthyola loko mu 2002 muja, wowerenga akhala akumudziwa kale.

Jere: Koma tisanapite patali, nkhaniyi yaphonya mwambo. Pachichewa munthu akamwalira nyumba yake amaigwetsa. Ndiye nyumba imeneyi sikanakhala zaka zitatu chiimire. Akanaipasula tsiku lometa lomwelo. Funsani wamkulu aliyense.

Mayi Naphiri: Wamkulu ndine pano a Jere, mwandifunsa kale. Mukunena zoona theka. Kale nyumba zinali za mitengo yomata ndi dothi, denga la udzu. Mwini akamwalira inde ankaigwetsa, ndaona ndi maso anga ndili mtsikana. Kugwetsa nyumba yotero sikunali kutaya chuma, mitengo ili kuthengo, udzu uli kudambo, mwezi umodzi ina yaima. Koma njerwa zootcha ndi malata zitabwera anthu anayamba kuchita mphwayi. Ndani angagwetse nyumba imene munthu anakaivutikira pansi pa nthaka ku Joni? Amangosesa, kuzira, mwina kuisiya kanthawi, kenako wina n'kulowamo. Ndiye kuima kwa nyumbayo si vuto. Funso labwino likanakhala loti bwanji sanalowemo wina.

Jere: Chabwino, koma kwathu ku Mchinji ndinaona akugwetsa ya njerwa.

Mayi Naphiri: Mwina inali ndi nkhani yake. Sindikutsutsani zimene munaona.

Nachisale: Bwanji sanalowemo wina? Yankho lili kale m'nkhanimo, ndi loko. Agogo akanasiya chitseko chotsekula, bwenzi mdzukulu wina atalowamo sabata yomweyo. Pokhoma n'kupita ndi kiyi anawauza akuchikazi kuti malo ndi anu koma ichi ndi changa, osatsegula pakamwa. Ndipo iwo anamva. N'chifukwa chake ndikukana ndime yomaliza. Nangozo, nkhani yonse mwatiyendetsa ndi zinthu zogwirika, sutikesi, wailesi, chitini cha misomali, chingwe chakuda ndi thukuta. Simunatiuzepo n'kamodzi komwe kuti wina akumva bwanji, koma tamva. Kenako pamapeto mwachita mantha kuti mwina sitinamve, ndiye mwatiuza "chisoni chachikulu mumtima mwanga", mwatiuza "nkhanza", mwatiliritsa, n'kutithira mwambi pamwamba. Mawu oti nkhanza aweruza mlandu umene nkhani yanu inakana kuweruza. Mwanayu nsima ya malata anadya nawo, mwalemba nokha. Popanda malatawo mwina sakanakhala moyo kuti adzalandire kiyi. Ndiye nkhanza yake ili pati?

Kamtedza: Komatu kusukulu anatiphunzitsa kuti nkhani izikhala ndi phunziro pamapeto.

Nachisale: Nthano ya kalulu pamoto madzulo, inde. Ndiponso mwambi umenewu sukulowa n'komwe. Chaona mnzako chapita amanenera munthu woseka tsoka la mnzake. Ndani waseka m'nkhaniyi?

Nangozo: Mwambiwo ndinauika usiku nditatopa, ndivomere. Ndimaona ngati nkhani yangoduka.

Wa ku Joni: Ine nkhaniyi yandipweteka mwanjira ina. Ndili kuno zaka 9 tsopano. Ndinatumiza ndalama kumudzi kwa akazi anga, tinamanga nyumba ya zipinda zitatu, malata a geji 28 osati opyapyala aja. Banja linatha ndili konkuno. Nyumbayo ndinagonamo masiku 12 okha pa Khirisimasi ina. Pano ndimangomva kuti mukusungidwa fodya. Sindinatengeko ngakhale supuni. Ndiye funso langa kwa odziwa malamulo muno, kodi munthu ungakasasule malata ako mwalamulo?

Jere: Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu. Pitani kukhoti achimwene, muwina.

Nachisale: A Jere, lamulo limenelo ndi la katundu wa munthu womwalira. Achimwenewa akazi awo ali moyo, nkhani yawo ndi ya kutha kwa banja, ndi ina. Achimwene a ku Joni, pepani kwambiri, koma muno tikunamizani. Kafunseni kwa odziwa zamalamulo, ndipo ngati pali ana musanaganize za malata muganize kuti akugona pati.

Wa ku Joni: Ana alipo awiri. N'chifukwa chake ndangokhala. Nangozo, chimodzi chokha ndikuuzeni ngati munthu amene zinamuonekera. Kiyi ndili naye mpaka pano, ali m'chikwama cha ziphaso. Ndikudziwa kuti anasintha loko kalekale. Sindimutaya.

Nangozo: Achimwene, sindikudziwa choti ndinene. Zikomo pondiuza.

Phiri wa Mapuloti: Moni gulu. Nyumbayi ili mbali iti ya msewu? Malowo akugulitsa? Ngati ili kufupi ndi tala ndili ndi kasitomala.

Kamtedza: Madala, werengani kaye.

Mayi Naphiri: Ndipo pa Lizulu pomwepo musamale, msewu ndiwo malire. Mukagula tsidya lolakwika mupezeka mwagula ku Mozambique.

Bambo a Chisomo: Ndibwerenso ndi za ntchito yanga, mundikhululukire. Pali vuto lina lalikulu kuposa la malata. Mwati denga linachoka mu 2002, kiyi wabwera chaka chatha. Ndiye kuti nyumbayi yakhala pamvula zaka zoposa 20. Pachithunzipa njerwa zake anamangira dothi, osati simenti, onani mizere yake yofiirayo. Khoma lotere likakhala lopanda denga, madzi amalowera pamwamba n'kumasungunula dothi lija. Zimayamba kugwa ndi nsonga ziwiri zija zakumbali zonyamula mtanda wapakati, kenako pamwamba pa mazenera. Zaka 20 mukanapeza chulu cha njerwa, nsatsi zitamera pakati, mwina ndi kachere. Ya pachithunziyi nsonga imodzi idakali chiimire, ine ndinganene kuti denga lachoka mvula zitatu kapena zinayi zapitazo. Ndiponso silinachoke ndi mphepo. Mphepo ikasasula imasiya zidutswa za malata zopindika, mitengo ina itathyoka ili lende. Apa palibe chotsala, anachotsa ndi manja, mitengo yomwe anatenga.

Nangozo: Koma nkhaniyo si ya nyumba yeniyeniyo bambo. Chithunzi chinangondipatsa poyambira.

Bambo a Chisomo: Ndamva. Koma ngakhale nyumba yopeka mvula imaigwera. Ndiye chitseko. Chitseko cha paini chiswe chimachimaliza msanga, makamaka pamene sipakhala munthu wosesa. Ngati mukufuna chikhalepobe, nenani kuti chinali cha mlombwa. Munthu wobwera ndi ndalama za ku mgodi akanatha kugula, ndipo mlombwa chiswe sichiulimba mtima. Loko nayenso, wokhala pamvula zaka zonsezo satseguka ndi kiyi basi. Pamafunika mafuta, mwinanso kumugogoda.

Nachisale: Ine apa ndili pakati. Nangozo akunena zoona kuti chithunzi si mboni ya kukhoti, wolemba ali ndi ufulu wochoka pa icho. Koma zimene akunena Bambo a Chisomo si za chithunzi, ndi za wowerenga wa kumudzi amene waonapo mabwinja ambiri. Iyeyo akangoti "aaa, bodza ili", mwamutaya. Njira yosavuta ndi kubweza kiyi uja m'mbuyo. Abwere mu 2006, mtsikanayo ali ndi zaka 14. Khoma lakumbuyo likhale litagwa kale, lakutsogolo ndi chitseko zili chiimire.

Mayi Naphiri: Zaka 14 ndi bwino kuposa mayi wamkulu. Ndiponso chifuwa chija cha ku mgodi sichikanawasunga agogowo mpaka chaka chatha. Amuna ambiri amene ndinawadziwa obwera ndi chifuwa chimenecho sanakalambe kwenikweni. Pa za Wenela ndiwonjezereko pang'ono, poti atsikana a lero mumangomva dzina. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kuchokera ku migodi inagwa ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi, amene anali kale kumeneko anayamba kubwerera. Ndiye agogo anuwo ngati anabwera cha mu 1975, anabwera pamodzi ndi chikhamu cha anzawo. Ndalama zina ankawasungira n'kudzalandira atafika kuno, chimenecho mwalemba bwino. Kanthu kena kakang'ono: kwacha inayamba mu 1971, koma akuluakulu anapitiriza kuwerenga mapaundi zaka zambiri, paundi imodzi kukhala K2. Agogowo akamatchula mtengo wa malata awo azinena mapaundi. Mdzukulu asamve n'komwe kuti ndi ndalama zingati, angodziwa kuti amanena monyadira.

Jere: Wenela inatheratu chaka chimenecho, palibe anapitanso.

Mayi Naphiri: Anapitanso a Jere, patapita zaka zochepa, pansi pa dzina loti Teba, ngakhale sanali ochuluka ngati kale. Zinadzatha cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma za nkhaniyi sizikufunika.

Nyagondwe: Tsopano ndamva, zikomo amama. Koma ndiye wowerenga wa kwathu asokonezeka ngati ine. Simungaikemo ndime yofotokoza chikamwini?

Nachisale: Ayi chonde. Ndime yotero ikhala ngati buku la sukulu lalowa pakati pa maliro. Mawu a afisi aja akugwira kale ntchito imeneyo, akusonyeza kuti munthuyu ndi wobwera. Mwina awonjezere chiganizo chimodzi chokha pamphasa paja, a Malume anene kuti "kwanu akudikirani". Wa ku Rumphi amva kuti kuno sikunali kwawo.

Nyagondwe: Kwa ine chiganizo chimodzi sichikwana, koma nkhani ndi yanu.

Kamtedza: Funso langa ndi la a Malume. Ngati ndi mlongo wa agogo aakazi, kwa mtsikanayu si malume, ndi agogo. Malume ndi wa amayi ake.

Nangozo: Wagwira Kamtedza. Ndinachita dala, pamudzi pathu panali munthu wotero, aliyense mpaka tiana ankangoti a Malume ngati dzina. Koma ndiyenera kunena kamodzi kuti anali malume awo a amayi.

Kamtedza: Mwaona, si mizukwa yokha imene ndimaona.

Nangozo: Ndakhala nazo usiku wonse. Malata ndaika 22, chitseko cha mlombwa, amayi akutokosa pansi pamphasa paja, mapaundi alowa. Mathero atsopano ndi awa:

Mu 2006 kunabwera mnyamata pa njinga kudzanena kuti agogo anatisiya, anaikidwa kale. Anatulutsa kampango komanga mfundo. Anati malemu anasiya mawu oti akapatse mwana amene anawanyamulira wailesi. Mkati munali kiyi, chingwe chake chitada ndi thukuta.

Khoma lakumbuyo linali litagwa mvula ya chaka chimenecho, mbuzi zinkalowera kumeneko kukadya bonongwe amene anamera pabalaza. Ine ndinazungulira kutsogolo. Kiyi analowa koma anakana kutembenuka. Ndinabwerera kunyumba kukatapa mafuta ophikira pa kasupuni, amayi akundiyang'ana osafunsa. Ndinadontheza, ndinagogoda ndi mwala, ndinadikira. Loko atatseguka ndinakankha chitseko ndi phewa. Mbuzi ziwiri zinadzutsa mitu. Ndinati odi, kenako ndinalowa.

Mayi Naphiri: Odi ameneyo. Basi mwana wanga, usakhudzenso.

Bambo a Chisomo: Mafuta ophikira amagwira, koma parafini ndiye amamasula dzimbiri msanga. Nyumba ya kumudzi mu 2006 koloboyi analipo.

Nangozo: Parafini sakanapweteka kupereka bambo. Mafuta ophikira m'nyumba imene inaonapo njala, amayi n'kungoyang'ana osaletsa, ndi pamene ndikuwapatsa amayiwo mpata wopepesa.

Bambo a Chisomo: Aaa, ndamva. Ine ndimaganiza za loko.

Nachisale: Zasintha kwambiri, ndipo mbuzi zandisangalatsa. Koma ine ndikanaima pa mafuta, asanatsegule. Kapena loko akane ndithu, mtsikanayo akhale pakhonde ndi kiyi m'manja pamene mbuzi zikulowa ndi kutuluka kumbuyo. Kutseguka kwa loko kukundimvekera ngati agogo akhululuka, ndipo sindikudziwa ngati munthu amene anasunga kiyi zaka 7 osabwerako n'kamodzi komwe anakhululuka.

Mayi Naphiri: Akanapanda kukhululuka akanaikidwa naye m'manda kiyiyo. Anamutumiza.

Nachisale: Anamutumiza kwa mwana, amayi, osati kwa mwana wawo wamkazi kapena kwa a Malume. Kumeneko kukhozanso kukhala kuwatukwana akuluakuluwo mwaulemu.

Wa ku Joni: Zonse ziwiri zimatheka mwa munthu mmodzi. Ine wanga ndikadzatumiza adzapita kwa mwana wanga wamkazi, ndipo musadzandifunse kuti ndikutanthauza chiyani.

Kamtedza: Nanga chitini cha misomali chija chinapita kuti? Mwachidzazitsa pakati pa nkhani kenako simunachitchulenso. Ine ndimayesa achitenga popita kukatsegula.

Nachisale: Ayi, zichuluka. Kiyi, mafuta, mbuzi, odi, ndiye chitininso? Mathero asanduka sitolo.

Mayi Naphiri: Ine ndikuona ngati mwanayu wanena chanzeru. Misomali ija ndi gawo lokhalo la denga limene silinagulitsidwe.

Nangozo: Chitinicho ndinachiiwaladi. Ndiyesa njira ziwiri, ina alowe nacho n'kuchiika pakati pa balaza, ina chisaonekenso, ndiponya zonse Loweruka. Bambo a Chisomo, pa malata 22 misomali ingakhale ingati, ndipo ingakwane m'chitini chanji?

Bambo a Chisomo: Zimatengera mizere ya mitengo imene anakhomerapo. Tinene misomali 12 pa lata, ndiye 264, ndipo ya malata ili ndi zipewa, imadya malo. Kachitini ka tomato sikangakwane, ikani chachikulu cha mkaka waufa. Koma yozula ndi hamala yambiri imatuluka yopindika, zipewa zina zitathothoka. Musalembe kuti inali yowongoka.